Foni yatsopano yabwera, koma zomwe munalipira mu apu zatsala kuti?

Foni ikabedwa kapena ikafa, munthu wa ku Mchengautuwa amadziwa koyambira. Amakwera kabaza kulowa m'tauni ya Mzuzu, amakatenga simu ina ya nambala yomweyo ku Airtel kapena ku TNM, kenako amazungulira m'mashopu kufuna Tecno, Itel kapena Infinix yomwe thumba lingakwanitse. Pofika madzulo WhatsApp yabwerera, Mpamba kapena Airtel Money ikugwira, ndipo mtima umakhala pansi. Dandaulo limabuka patapita masiku awiri kapena atatu, pomwe atsegula apu yomwe analipira bwinobwino n'kupeza ikumupemphanso ndalama. Nyimbo zayambanso kudukizidwa ndi malonda, kanema yemwe wakonza akutuluka ndi chidindo cha eni apu pakona, ndipo timu ya mpira yomwe mnyamata anaimanga kwa miyezi yambiri m'masewera a pa foni yasowa.

Apa anthu amagawikana. Ena amalipiranso uku akung'ung'udza, ena amangoti ndalama ija yapita ndi foni yakale. Nthawi zambiri onsewa amataya chinthu chomwe chikanabwezeka m'mphindi zochepa, chifukwa chomwe munagula sichisungidwa m'foni, ndiponso sichisungidwa pa simu. Chimalembedwa pa akaunti yomwe inalipira. Zili ngati buku la pagolosale: wogulitsa amalemba dzina la munthu, salemba za chikwama chomwe munthuyo anabwera nacho. Mukabwera ndi chikwama china koma dzina lomwelo, akuzindikirani. Mukabwera ndi chikwama chomwecho koma n'kutchula dzina lina, ndinu mlendo.

Vuto lathu lenileni ndi loti ambirife dzina lomwe linalembedwa m'bukumo sitilidziwa.

Akaunti yotsegulidwa ndi wina

Taganizirani mmene foni imayambira ntchito kuno. Wogula amaima pakauntala, wogulitsa kapena mnyamata wokonza mafoni amaiyatsa, ndipo ikafunsa akaunti ya Google, mnyamatayo safuna kuchedwa. Amatsegula imelo yatsopano pomwepo, dzina la mwini foni n'kuwonjezera manambala angapo, pasiwedi ya m'mutu mwake, basi. Mwini foni amanyamuka ali wokondwa kuti amuthandiza. Pa foni yachitatu amakhala ali ndi maakaunti atatu a Google, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yomwe angaitchule. Sindikuwanena anyamata okonza mafoni, iwo amachita zomwe kasitomala wapempha, kuti foni igwire lero. Koma chizolowezi chimenechi ndicho chimadya ndalama za anthu kuposa vuto lina lililonse pa nkhaniyi.

Pa foni za Android, chilichonse chomwe munalipira kudzera pa Google Play chimalembedwa pa akaunti ya Google yomwe inagula. Pa iPhone chimalembedwa pa akaunti ya Apple. Palinso mapulogalamu ena, monga Netflix ndi Spotify, omwe amasunga buku lawolawo, ndipo amakuzindikirani ndi imelo kapena nambala yomwe munalembetsera kwa iwo. Choncho funso loyamba musanagwire batani lililonse ndi lakuti: ndinalipira kudzera kuti, ndipo ndi dzina liti?

Nkhani ya wojambula maukwati

Tiyerekeze ndi mnyamata wa ku Mchengautuwa yemwe amajambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe, n'kumawakonza pa foni. Mu Januwale analipira chaka chathunthu pa apu yokonzera makanema, kuti chidindo cha pakona chichoke. Analipira pa Google Play ndi khadi ya ku banki. Mu Epulo, mvula ya ku Mzuzu ili pakati, foni yake yanyowa ndipo yakana kuyaka. Wagula ina, m'shopu amutsegulira imelo yatsopano, ndipo mnzake wamutumizira mapulogalamu onse pa Xender kuti asawononge bandulo. Akutsegula apu ija, ikumuuza kuti alipire. Miyezi isanu ndi inayi yomwe yatsala ikuoneka ngati yalowa m'madzi.

Chinthu choyamba ndi kusalipira. Akalipira ali pa akaunti yatsopanoyi, adzakhala ndi malipiro awiri pa apu imodzi, ndipo onse awiri adzamadula khadi yake nthawi yawo ikamakwana.

Chachiwiri ndi kufufuza imelo yakale. Ngati akuikumbukira, nkhani yafupika. Ngati sakuikumbukira, pa tsamba lolowera la Google pali mawu akuti `Forgot email?`. Akawadina, Google imafunsa nambala ya foni kapena imelo ina yomwe inalumikizidwa ku akauntiyo, kenako dzina loyamba ndi lomaliza monga linalembedwera. Imatumiza manambala achinsinsi pa meseji, ndipo akawalemba imamuonetsa maimelo omwe ali pa nambala imeneyo. Apa ndi pomwe simu imathandiza, ndipo n'chifukwa chake kutenga nambala yakale yomweyo, ndi chitupa cha unzika m'manja, kuyenera kuchitika msanga. Ngati pasiwedi nayo yaiwalika, njira yake ndi `g.co/recover`. Google imakhulupirira kwambiri munthu yemwe akuyesa kulowa ali pa foni kapena kompyuta yomwe anagwiritsapo kale akauntiyo, choncho ngati pakhomo pali laputopu kapena foni yakale yomwe analowerapo, ayesere pamenepo.

Koma ngati yemwe anatsegula akauntiyo sanaikepo nambala ya mwini wake, kapena anaikapo yake, njira imeneyi siyenda. Chotsala ndi kubwerera kwa munthuyo kukamufunsa, kapena kuyang'ana pa bokosi la foni yakale ndi pa lisiti, poti ena amalemba imelo ndi pasiwedi pamenepo.

Tinene kuti mnyamata wathu waipeza imelo yake. Tsopano atsegule Play Store, adine kachithunzi ka akaunti pamwamba chakumanja, asankhe `Add another account`, n'kulowa ndi imelo yakale ija. Asanachite china chilichonse, atsimikize kuti ndi yomweyo. Ali pa akaunti yakaleyo, adinenso kachithunzi kaja, kenako `Payments & subscriptions`. Pa `Subscriptions` pamaoneka zonse zomwe zikulipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, limodzi ndi tsiku lodzalipiranso. Pa `Budget & history` pamaoneka zomwe zinagulidwa m'mbuyomu. Apu yake ikapezeka pamenepo ndi tsiku la mu Januwale chaka chamawa, ndiye kuti ndalama yake ili moyo. Ikapanda kupezeka, mwina walowa akaunti yolakwika, kapena sanalipire kudzera pa Google Play.

Apa ndi pomwe ambiri amagonjera. Akaunti yolondola yalowa m'foni, malipiro akuoneka, koma apu ikupemphabe ndalama. Chifukwa chake n'chakuti foni ikakhala ndi maakaunti angapo a Google, apu imayang'ana zogula pa akaunti yomwe inaitsitsa kuchokera pa Play Store. Ngati palibe akaunti yomwe inaitsitsa, monga zimakhalira ndi apu yobwera pa Xender, imayang'ana pa akaunti yoyamba m'fonimo, ndiye ija ya m'shopu yomwe sinagulepo kanthu. Mankhwala ake ndi kuchotsa apuyo, kutsegula Play Store, kuonetsetsa kuti akaunti yomwe ikuoneka pamwamba ndi yakale ija, n'kuitsitsanso. Inde bandulo ipita, koma mamegabaiti amenewo sangafanane ndi mtengo wa chaka chathunthu. Chenjezo limodzi: ngati wayamba kale kukonza kanema wa kasitomala m'apuyo, autulutse kaye asanaichotse, chifukwa ntchito zosamaliza zimatha kufufutika limodzi ndi apu. Zikakanikabe, achotse akaunti ya m'shopu ija m'foni kuti itsale imodzi, kenako atsitsenso.

Nthawi zambiri apu ikatsegulidwa pa akaunti yoyenera, intaneti ili yoyaka, imazindikira yokha. Ikapanda kutero, afufuze batani lolembedwa `Restore purchases` kapena `Restore`. Kawirikawiri limabisala m'malo a `Settings` a apuyo, kapena m'munsi mwa tsamba lomwe likupempha malipiro, m'zilembo zing'onozing'ono. Batani limeneli silidula ndalama. Ntchito yake ndi kufunsa Google kapena Apple kuti akauntiyi inagulapo chiyani.

Pali chizindikiro china chosokoneza. Munthu amadina kuti agule, foni n'kumuyankha kuti `You already own this item`, koma chidindo chikadalipo pa kanema. Uthenga umenewu ndi wabwino, ukusonyeza kuti Google ikumuzindikira ndipo chatsalira ndi foni. Alowe pa `Settings`, `Apps`, `Google Play Store`, `Storage`, adine `Clear cache`, azimitse foni n'kuiyatsanso. Aonenso tsiku ndi nthawi, chifukwa foni yomwe tsiku lake lasokonekera imavutika kulumikizana ndi Google.

Zonsezi zikalephera, otsala ndi eni apu. Google imatumiza lisiti pa imelo pa chilichonse chogulidwa, ndipo lisitilo limakhala ndi nambala yoyamba ndi `GPA.` yotsatiridwa ndi manambala ambiri. Akalemba `GPA` pa malo ofufuzira a Gmail, lituluka. Imelo ya eni apu imapezeka pa tsamba la apuyo mu Play Store, m'munsi, pa `App support`. Awalembere mwachidule, atchule nambala ya lisiti, tsiku logula, mtundu wa foni, ndipo aphatikizepo chithunzi cha uthenga womwe ukuoneka. Kalata yongoti ndinalipira koma sizikugwira, yopanda nambala imeneyi, siipita patali. Pasiwedi yokha asapatse munthu, ngakhale wodzitcha mwini apu.

Pa iPhone njira ndi yomweyo, mayina okha ndiwo asiyana. Pa `Settings`, mukadina dzina lanu pamwamba, mupeza `Subscriptions`, ndipo mbiri ya zogula imaoneka pa `reportaproblem.apple.com`.

Zina sizibwerera

Tisanamizane, si chilichonse chomwe batani lija limabweza. Zogula za m'mapulogalamu zili m'magulu. Pali zogula kamodzi n'kukhala zanu, monga kuchotsa malonda m'apu. Pali zolipira mwezi kapena chaka. Magulu awiriwa amabwerera. Gulu lachitatu ndi la zinthu zotha pozigwiritsa ntchito, monga makoini, madayamondi ndi miyoyo ya m'masewera. Kwa Google ndi Apple, malonda a zimenezi amatha pomwe masewerawo akupatsani katundu wanu. Zotsala zanu amasunga ndi eni masewera, pa akaunti ya masewerawo.

Ndiye chifukwa chake kulira kwakukulu kumamveka kwa anyamata a eFootball, Free Fire ndi PUBG Mobile. Masewera ambiri amalola munthu kuyamba ngati mlendo, pa `Guest`, osalembetsa kalikonse, ndipo ndani amafuna kulemba maimelo mpira ukudikira? Koma akaunti ya mlendo imadziwika ndi foni yomweyo basi. Apu ikachotsedwa, kapena foni ikafulashidwa, ulalo waduka. Wosewera eFootball ayenera kulumikiza timu yake ku KONAMI ID kapena ku akaunti ya Google foni ikadali yamoyo, ndipo masewera enawo ali ndi malo awo olumikizira ku Google, Facebook kapena njira zina. Polowa pa foni yatsopano, asankhe njira yomweyo yomwe analumikizira. Wolumikiza pa Facebook akalowa ndi Google amapeza timu yopanda kanthu, n'kuyamba kunena kuti amubera, chonsecho watsegula akaunti ina. Ndi bwinonso kujambula nambala ya wosewera yomwe imaoneka pa dzina lake m'masewerawo, chifukwa pamodzi ndi lisiti ndiyo umboni womwe eni masewera angaumvere.

Msampha womwewu ulipo pa Spotify, yomwe inafika ku Malawi mu 2021. Munthu analembetsa ndi imelo, pa foni yatsopano wadina `Continue with Google` ndi akaunti ina, ndipo wapezeka pa mulingo waulere. Atuluke n'kulowanso ndi njira yakale. Nyimbo zomwe anasunga kuti azimvera popanda intaneti sizisamuka, ayenera kuzitsitsanso, choncho adikire pomwe pali Wi-Fi kapena bandulo ya usiku.

Kusamuka kuchoka pa Android kupita pa iPhone, kapena kubwerera, ndi nkhani ina. Google ndi Apple sabwerekana mabuku. Chomwe munagula pa Play Store sichioneka pa App Store, pokhapokha ngati apuyo ili ndi akaunti yakeyake yomwe munalowamo pogula. Chimodzimodzi mafoni a Huawei omwe anatuluka dziko la Amerika litaika ziletso pa kampaniyo mu 2019, monga Mate 30 ndi P40: alibe Google Play, ndipo zomwe munagula kwa Google sizingatsimikizidwe pamenepo. Wogula foni yakale pamsika afunse zimenezi asanapereke ndalama.

Kumpoto kuno palinso foni za ku Joni. Mchimwene ali ku Johannesburg watumiza foni, mapulogalamu ali kale m'katimo, olipiridwa. Zonse zikuyenda mpaka tsiku lomwe foni yafomatidwa. Malipiro aja ali pa akaunti ya mchimweneyo, ndipo sangasamutsidwe kupita pa akaunti ya mng'ono wake. Ngakhale `Family Library` ya Google, yomwe imalola banja kugawana mapulogalamu ogula, sigawa zogula za m'kati mwa apu. Choopsa china n'chakuti foni yofomatidwa mokakamiza akaunti ya mwini wake isanachotsedwe imatseka, n'kumafuna imelo ndi pasiwedi yakale ija. Chitetezo chimenechi chinabwera ndi Android 5.1 mu 2015 pofuna kugwetsa mphwayi akuba, koma chimagwiranso eni ake oiwala.

Za mapulogalamu othyoledwa, aja amati apu yolipira yaulere, ndi maakaunti ogula kwa munthu pa WhatsApp, palibe zambiri zonena. Palibe lisiti, palibe dzina lanu paliponse, ndiye palibe chobweza. Wogulitsayo akasintha pasiwedi, mwatuluka.

Pomwe vuto ndi khadi

Nthawi zina akaunti ndi yolondola, apu yatsitsidwa moyenera, koma zabwino zija sizikubwera chifukwa malipiro anaima. Foni ikabedwa, kawirikawiri imapita limodzi ndi chikwama, ndipo munthu amatseketsa khadi ku banki. Khadi yatsopano imabwera ndi nambala ina. Tsiku lolipira likafika Google imayesa khadi yakale, imalephera, imadikira masiku angapo, kenako imaimika zonse. Zimachitikanso khadi ikatha nthawi yake, m'akaunti mukakhala mulibe ndalama zokwanira, kapena banki ikakana malipiro a ndalama zakunja, zomwe si zachilendo m'zaka zino za kusowa kwa madola. Mudziwa poyang'ana pa `Subscriptions`, pomwe pamakhala chenjezo lakuti malipiro akanidwa. Apa batani lobweza silithandiza. Muyenera kuika khadi yogwira ntchito pa malipiro omwewo, ndipo mukachedwa kwambiri amathetsedwa, n'kuyambanso pa mtengo wa tsikulo.

Mtengo wa tsikulo si nkhani yaing'ono. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola inafika pafupifupi K1,700 ku banki. Chinthu chogula kamodzi chomwe munalipira madola khumi izi zisanachitike, lero chikudyerani makwacha ochuluka kwambiri mukachigulanso, chonsecho n'chanu kale.

Mbali inayo ndi yopweteka mofanana. Kuchotsa apu, kutaya foni kapena kuigulitsa sikuimitsa malipiro. Khadi imadulidwabe mwezi ndi mwezi mpaka mwini wake atalowa pa akaunti yomwe inalembetsa n'kudina `Cancel subscription`. Mukaona pa sitetimenti ya ku banki ndalama yotuluka ndi dzina loyamba ndi `GOOGLE*`, kapena lolembedwa `apple.com/bill`, pomwe foni yanu sikuonetsa kuti mukulipira kalikonse, dziwani kuti pali akaunti yanu ina yomwe munaiiwala. Ndipo ngati mwalipira kawiri mosazindikira, fulumirani. Pa Google Play, pempho lobwezeredwa ndalama limakhala ndi mwayi waukulu m'maola 48 oyambirira. Akadutsa amenewo, nthawi zambiri amakutumizani kwa eni apu, ndipo iwo ndiwo amaweruza.

Musadalirenso kuti akaunti yakale idzakudikirani mpaka kalekale. Kuyambira Disembala 2023, Google ili ndi lamulo loti ikhoza kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ngakhale kuti maakaunti ena omwe ali ndi zogula sakhudzidwa. Yemwe ali ndi zogula pa imelo ya foni yake yakalekale alowemobe msanga.

Foni ikadali m'manja

Ntchito yonseyi imaphweka ikachitika foni isanafe. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi ka pamwamba, muwerenge imelo yomwe yalembedwapo. Ngati pasiwedi yake simuidziwa, isintheni lero, poti Google siivuta kwambiri pa foni yomwe ikuidziwa kale. Pa `Manage your Google Account`, mbali ya chitetezo, onani nambala yomwe ili pa `Recovery phone`. Ikakhala ya munthu wina, kapena ya simu yomwe munataya kalekale, ikanipo yanu yomwe inalembetsedwa m'dzina lanu. Amene anayatsa `2-Step Verification` atenge `Backup codes`, manambala khumi olowera foni ikasowa, awalembe papepala. Pepalalo lisakhale kuseri kwa kava ya foni, likhale kunyumba pomwe mumasunga makadi a kuchipatala ndi masatifiketi.

Pogulitsa foni kapena poipereka kwa m'bale, yambani mwalowa pa foni yatsopano n'kuona kuti zonse zabwerera, kenako muchotse akaunti yanu pa yakaleyo musanaifomate. Ndipo tsiku lomwe mudzaime pakauntala m'tauni, mnyamata akadzafunsa kuti akutsegulireni imelo, mudzamuuze kuti muli nayo kale, mutenge foniyo mulembe nokha.